Ndiwauza bwanji makasitomala anga kuti nkhuku yakwera?

NaBanda_wa_Nkhuku: Abale, ndithandizeni nzeru. Ndimaweta nkhuku zoyera kuno ku Area 25, 100 pa ulendo umodzi, ndipo ndimagulitsa zososola kale. Zambiri amatenga ndi anthu omwewo mwezi ndi mwezi, mabanja a m'dera mwathu ndi a kutchalitchi, komanso mayi wina wa lesitilanti amene amatenga 20 nthawi imodzi. Nkhuku ndimagulitsa K11,000. Thumba la fidi ndinkagula K62,000, pano lili pa K75,000. Mwanapiye wachoka pa K1,300 wafika pa K1,500. Ndikufuna ndikweze ifike K12,500, koma mtima ukundigunda. Ndalemba uthenga uwu, sindinautumize:

"Okondedwa makasitomala nonse, pepani kwambiri, mukudziwa mmene zinthu zavutira m'dziko muno, chilichonse chakwera. Ndayesetsa kupirira koma zandikanika. Choncho mitengo ya nkhuku isintha posachedwapa. Chonde musandithawe, ndimadalira inu. Pepani kwambiri."

Ukumveka bwanji?

Chimwene_Kabaza: Mayi, musavutike n'kulemba. Kwezani basi. Mafuta akakwera ife sitilembera kalata munthu, amamva mtengo akafika pa siteji.

Anti_wa_Saluni: Achimwene, inu mumanyamula munthu amene mawa simudzamuonanso. Awa akunena anthu amene amawadziwa mpaka ana awo. Munthu wotuma mwana ndi K11,000 yeniyeni, mwana n'kubwerera chimanjamanja kuti ndalama yaperewera, ameneyo amakwiya ndi manyazi amene mwamuchititsa, osati ndi K1,500.

Chimwene_Kabaza: Inenso ndili nawo anga a tsiku ndi tsiku, ana asukulu ndimawanyamula mwezi wonse. Koma chabwino, pa iwowo makolo ndimawauziratu.

Mkulu_wa_Maakaunti: NaBanda, uthenga wanuwo uli ndi ulemu, koma zinthu ziwiri zimene kasitomala akufuna kumva mulibemo: mtengo watsopano ndi tsiku loyambira. Mukati "isintha posachedwapa" aliyense adziganizira yekha, ndipo anthu akamaganiza okha amaganiza zazikulu. Wina aziti mwina ifika K15,000, ayamba kufunsa kwa anzanu inu musanatchule n'komwe mtengo.

Chachiwiri, mawu akuti "chilichonse chakwera" ndi oona, koma kasitomala wawamva kwa wogulitsa aliyense, woona mtima ndi wongotengerapo mwayi yemwe. Inu muli ndi chifukwa chenicheni chimene munthu angathe kukachiona yekha m'sitolo. Tiyeni tiwerenge. Nkhuku 100 zimadya matumba pafupifupi 8 a makilogalamu 50 kufika sabata yachisanu ndi chimodzi, kuphatikiza sitata, gilowa ndi finisha. Thumba lakwera ndi K13,000, ndiye pa matumba 8 ndi K104,000. Anapiye akwera ndi K200 mmodzi, ndiye K20,000. Pamodzi K124,000. Musagawe ndi 100, gawani ndi zimene zimafika pogulitsidwa. Tinene kuti zimatsala 95, ndiye nkhuku iliyonse yakwera ndi ndalama pafupifupi K1,300. Mukukweza ndi K1,500. Palibe amene mukumubera, mwangobwezeretsa phindu lanu lakale n'kuonjezerapo K200 yokha, imene makala ndi utuchi zidya posachedwa.

Ndiye musalembe ngati munthu wogwidwa ndi mlandu. "Pepani" mmodzi ndi ulemu. Akachuluka, wowerenga amamva kuti mwini wakeyo akukayika, ndipo amayamba kunenerera.

NaBanda_wa_Nkhuku: Zikomo bambo. Zimatsala 94 kapena 95, ndi momwemo. Ndiye ndilembe masamu onsewa mu uthengamo?

Mkulu_wa_Maakaunti: Ayi. Masamuwo ndi anu, kuti mukamayankha munthu musagwedezeke. Mu uthenga tchulani chinthu chimodzi chachikulu, thumba la fidi. Ine ndikanalemba chonchi:

"Mayi akwathu, muli bwanji? Ndimati ndikudziwitseni nthawi ikadalipo kuti kuyambira pa 1 mwezi wamawa nkhuku idzakhala K12,500, kuchoka pa K11,000. Thumba la chakudya cha nkhuku lachoka pa K62,000 lafika pa K75,000, ndipo sindikufuna kugulitsa nkhuku zazing'ono kuti ndisunge mtengo wakale. Kukula kwake kukhala komweko, ndipo kukubweretserani pakhomo kupitirira. Za mwezi uno zonse zikadali pa K11,000, mukafuna ndiuzeni ndikusungireni. Zikomo pondigula nthawi yonseyi."

Pamene ndalemba "Mayi akwathu" muike dzina limene mumamuitana nalo munthuyo.

Dalitso_Ndix: Ine ndikutsutsa zotchula mtengo wa thumba. Mukawapatsa manambala mwawapatsa chokukwapulirani. Chimanga chikatsika nthawi yokolola, fidi n'kutsikako, adzabwera kuti mayi, thumba lija latsika, nkhuku itsikenso. Mudzayankha chiyani?

Anti_wa_Saluni: Adzatsitsa. Vuto lili pati?

Dalitso_Ndix: Vuto ndi loti fidi akatsika ndi K3,000, makala, magetsi ndi malipiro a mnyamata zimakhala zakwera kale. Kasitomala amangokumbukira chimodzi chimene munamuuzacho.

Mkulu_wa_Maakaunti: Dalitso ali ndi mfundo, ndipo n'chifukwa chake mu uthenga uja sindinalembemo lonjezo loti fidi akatsika nkhuku itsika. Lonjezo limenelo limakoma polemba koma limamanga. Komabe chifukwa chooneka ndi maso n'chabwino kuposa kungoti zinthu zavuta. Munthu akadzafunsa, mudzamuonetsa kuti K3,000 pa thumba ndi K24,000 pa matumba 8, ndiye pa nkhuku imodzi ndi ndalama pafupifupi K250. Ambiri akamva choncho amamvetsa.

Dalitso_Ndix: Ambiri, osati onse. Ine ndikanangolemba kuti "chakudya cha nkhuku chakwera kwambiri" osaika manambala. Koma nkhuku ndi zanu mayi.

Gogo_Mchesi: Ine ndilankhule ngati wogula, poti sindigulitsa kanthu. Mtsikana amene amandibweretsera mazira atafuna kukweza anabwera yekha, anakhala pakhonde, tinalonjerana, kenako anandiuza kuti agogo, mwezi wamawa thireyi ikwera, ndimati mumve kwa ine. Mpaka lero ndimagula kwa iye ngakhale pa golosale yapafupi nthawi zina amatchipako. Wina wa nkhuku sanakweze mtengo, koma nkhuku zake zinayamba kuchepa, ukaika mumphika n'kumafunsa kuti ntchafu zapita kuti. Ameneyo sindinamufunse kanthu, ndinangosiya. Mwana wanga NaBanda, mawu aja akuti kukula kwake kukhala komweko ndi amene andigwira mtima mu uthenga wonse uja. Koma mukalemba muwasunge.

Mlimi_wa_Mitundu: Kodi mukufuna msika wa nkhuku? Muzipita nazo ku Mitundu tsiku la msika, zimatha. Komanso mavenda amatenga zamoyo mopikulitsa, simuvutika n'kusosola.

Anti_wa_Saluni: Bambo werengani bwino, msika ali nawo. Akufunsa za kawuzidwe ka mtengo.

Mlimi_wa_Mitundu: Ndamva tsopano. Komabe ndinene kuti fidi wogula ndi amene akukupwetekani. Bwanji osasakaniza nokha? Chimanga, soya wokazinga, madeya pang'ono, mchere, laimu ndi pirimikisi. Mtengo umatsika ndithu, mwina simungafunikenso kukweza.

Wa_Vetenale_KU: Kusakaniza nokha kumatheka, koma pa nkhuku zoyera muzisamala. Soya akapanda kupsa bwino nkhuku sizikula, chifukwa soya wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya mapuloteni, ndipo akapserera amatayanso mphamvu. Madeya akachuluka nkhuku imakhuta koma osanenepa. Zimene mumagulitsa pa masabata 6 zimafika masabata 8, ndipo ndalama imene munapulumutsa pa thumba imathera m'masabata awiri owonjezerawo. Amene akufuna kuyesa ayambe ndi finisha yekha pa nkhuku zochepa, aziyeza pa sikelo sabata iliyonse poyerekeza ndi zinzake. Sitata musamuyerekeze. Ndipo si nzeru kuyesa zimenezi mwezi womwewo umene mwalonjeza anthu kuti kukula kwa nkhuku sikusintha.

Mlimi_wa_Mitundu: Zanga zimakula bwinobwino ndi wosakaniza ndekha.

Wa_Vetenale_KU: Zanu ndi mikolongwe bambo, munatiuza tsiku lina. Zimenezo n'zina.

NaBanda_wa_Nkhuku: Za fidi ndazimva, ndidzafunsanso padera. Tibwerere ku uthenga. Ndili ndi gulu la WhatsApp la makasitomala kumene ndimalengeza nkhuku zikakhwima. Ndiponye pamenepo?

Anti_wa_Saluni: Ayi mayi, chonde. Ine ndinaona kwa mnzanga wa makeke. Anaponya pa gulu, munthu mmodzi anayankha kuti "eee, ndiye tidya chiyani", wachiwiri anaika mtengo wa kwina, pofika madzulo anthu amene sakanadandaula n'komwe anali atalowerera. Pa gulu munthu amayankha kuti anzake amuone. Tumizani kwa aliyense payekha, ndi dzina lake, ndi moni wake. Ngati ndi anthu 30 ndi ntchito ya madzulo amodzi. Pa gulu mudzaika pa tsiku loyambiralo, mzere umodzi wokumbutsa, aliyense atamva kale.

Akuluakulu ngati agogo a ku Mchesi aja musawalembere, aimbireni kapena pitani. Ena sawerenga n'komwe mauthenga, foni amawawerengera ndi adzukulu.

Joni_Boy_Randburg: Kuno ndimasamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za anthu. Ine ndimakweza kamodzi pa chaka, Januwale, ndipo ndimawauza kumayambiriro kwa Disembala. Anazolowera, ena amandifunsa okha kuti chaka chino ndi zingati. Mayi, sankhani mwezi umodzi pa chaka, anthu azidziwiratu.

Dalitso_Ndix: Achimwene, zimenezo zimatheka ndi randi. Kuno mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene akanadikira Januwale akanadya mpamba wonse.

Joni_Boy_Randburg: Zoona, pamenepo ndavomera. Koma kukweza pang'onopang'ono mwezi uliwonse kumatopetsanso anthu.

Mkulu_wa_Maakaunti: Apa nonse mukunena zoona. Kwa woweta nkhuku nthawi yabwino yosinthira mtengo ndi pamene gulu lina la nkhuku latha, lina likuyamba kugulitsidwa. Zimene zili m'kholamo zinadya fidi wa mtengo wina, zobwerazo zidya wa mtengo wina, ndipo kasitomala amaimva mosavuta nkhani imeneyi. Ndiponso kwezani mokwanira kuti musabwerenso ndi uthenga wina pakatha masabata atatu. K500 lero, K500 mwezi wamawa, K500 mwezi winawo zimapweteka kuposa K1,500 kamodzi, chifukwa munthu amayamba kufunsa mtengo nthawi iliyonse, ndipo wofunsa mtengo nthawi iliyonse amafunsanso kwa ena.

Pa za mantha oti akuthawani, onani izi. Nkhuku imodzi pano ikukudyerani ndalama zingati zonse pamodzi?

NaBanda_wa_Nkhuku: Ndikaphatikiza katemera, makala, utuchi, mnyamata ndi mapepala okulungira, ikufika K9,500.

Mkulu_wa_Maakaunti: Ndiye pa K11,000 mukupeza K1,500 pa nkhuku, pa K12,500 mupeza K3,000. Kutanthauza kuti ngakhale theka la anthu litachoka, phindu likhala lomwelo limene mukupeza lero.

Wa_Vetenale_KU: Bambo, masamu amenewo ndi a shuga wa pa shelefu. Nkhuku yosagulidwa imadya. Pa msinkhu umenewo imodzi imadya magalamu oposa 150 pa tsiku, ndipo pa K75,000 thumba, kilogalamu ndi K1,500, ndiye nkhuku iliyonse yotsala ikudya ndalama pafupifupi K250 tsiku lililonse. Zikatsala 40 ndi K10,000 pa tsiku. Ndiponso zotsalazo mpamba wake munalowetsa kale. Theka likachoka mwadzidzidzi mayiwa alira.

Mkulu_wa_Maakaunti: Mwandikonza bwino. Masamu angawo agwira pa gulu lotsatira, ngati achepetsa anapiye molingana ndi maoda. Izi zikungoonjezera chifukwa chotumizira uthenga msanga, asanagule anapiye ena. Amene ati achoke adziwike pano. NaBanda, filiji yaikulu muli nayo?

NaBanda_wa_Nkhuku: Ndili nayo, imalowa 40, koma magetsi mukuwadziwa.

Chimwene_Kabaza: Nanga bwanji oweta nonse a m'dera lanulo osakumana n'kugwirizana mtengo umodzi? Kasitomala athawira kuti?

Mlongo_wa_Malamulo: Zimenezo musalembe n'komwe pa foni. Ochita malonda ofanana akapangana mtengo, malamulo a mpikisano pa malonda amaletsa, ndipo bungwe la CFTC ndi limene limayang'anira nkhani zotere. Kufunsa kuti anzanu akugulitsa bwanji palibe cholakwika, aliyense amatero. Koma mtengo aliyense aike wake. Ndipo mu uthenga musalembe kuti "tonse takweza" kapena kunyoza nkhuku za anzanu. Nenani za khola lanu basi.

Chimwene_Kabaza: Ife pa siteji timagwirizana, palibe anatimangapo.

Mlongo_wa_Malamulo: Kusamangidwa si chilolezo achimwene.

Mai_awiri_BT: Ine funso langa ndi la angongole. NaBanda, muli nawo otenga pakati pa mwezi n'kulipira akalandira? Chifukwa ine pa bizinesi yanga ya zitenje nkhondo inabuka pamenepo. Munthu anatenga pa mtengo wakale, polipira mtengo unali utasintha, mtsikana wondithandiza anamuuza watsopano. Anakwiya kwambiri, ndipo anali ndi chifukwa. Mtengo ndi wa tsiku limene munthu watenga katundu, osati tsiku lolipira. Muwauze zimenezo momveka.

Komanso musaphatikize uthenga wokweza mtengo ndi wokumbutsa ngongole. Munthu akawerenga kuti nkhuku yakwera, pansi pake n'kupeza kuti "komanso muli ndi K22,000 yanga", amamva ngati mukumuthamangitsa. Zikhale nkhani ziwiri, masiku osiyana.

NaBanda_wa_Nkhuku: Alipo angapo, aphunzitsi makamaka. Amalipira bwino pa Airtel Money kapena Mpamba malipiro akangolowa. Ndiye uthenga ndiutumize liti, asanalandire kapena atalandira?

Mai_awiri_BT: Cha pakati pa mwezi, kuti akamakonza bajeti ya mwezi wamawa mtengo watsopano akhale akuudziwa. Masabata awiri akwana. Mukawauza kutatsala miyezi iwiri amaiwala, mukawauza kutatsala masiku awiri amati mwawadzidzimutsa.

Dalitso_Ndix: Pakati pa mwezi anthu amakhala alibe ndalama, mitima ili m'mwamba. Uthenga wotere umalandiridwa bwino m'thumba muli kanthu.

Mai_awiri_BT: Ndiye mukufuna auzidwe pa 28 kuti pa 1 zikwera? Ayi.

Dalitso_Ndix: Auzidwe pa 28 kuti zikwera pa 15. Ndani analamula kuti mtengo uzisintha pa 1?

Anti_wa_Saluni: Pali chinanso mu uthenga wa a Maakaunti chimene chikundidetsa nkhawa, paja akuti za mwezi uno zikadali pa K11,000, ndiuzeni ndikusungireni. Wina wa filiji yaikulu adzaoda 30, wina adzati ndisungireni 10 ndidzatenga mwezi wamawa. Mapeto ake gulu lotsatira lonse mwaligulitsa pa mtengo wakale. Lembani kuti ndi za m'khola muno zokha, zikatha zatha, ndipo wofuna kusungiridwa alipiriretu.

Mkulu_wa_Maakaunti: Eya, mzere umenewo usinthe: "Zimene zili m'khola panopa zikadali pa K11,000 mpaka zitatha, wofuna alipiriretu nditsimikize."

Gogo_Mchesi: Ndipo kabanyira musaiwale. Kwa anthu anu akale, mwezi woyambawo ponyanimo nthutumba kapena zipalapasiro zowonjezera. Osalengeza, munthu akapeze yekha potsegula pepala.

Dalitso_Ndix: Agogo, nthutumba ndi zipalapasiro zimagulitsidwa pazokha masiku ano, ndi ndalama imeneyo. Ndipo mukayamba, mwezi wachiwiri adzazifunsa.

Gogo_Mchesi: Akafunsa mudzawauza kuti inali mphatso. Anthu si ana.

NaBanda_wa_Nkhuku: Chatsala ndi mayi wa lesitilanti uja. Amatenga 20 ndipo ndimamupatsa kale pa K10,500. Ndi amene ndikumuopa kwambiri, akachoka ndatsala ndi nkhuku zambiri.

Mkulu_wa_Maakaunti: Ameneyo asalandire uthenga wofanana ndi wa ena. Pitani mukakhale naye nthawi imene anthu achepa, nkhomaliro itadutsa. Iye nkhuku sakudya, akuigulitsanso. Ngati amadula zidutswa 8, K1,500 yanu ikutanthauza ndalama zosakwana K200 pa mbale. Mukamuwerengera choncho aona kuti n'zotheka, koma afunika nthawi yoti asinthe mitengo ya pa bolodi lake, ndiye mumuuze iye poyamba, ena onse asanamve. Kusiyana kwa K500 kuja kukhalepo, atenge pa K12,000. Akanenerera, musatsitse popanda chobwezera. Mwina azilipira theka pooda, kapena azituma wake kudzatenga kuti inu musalipire kabaza. Pa K10,500 panopa mukupeza K1,000 yokha pa nkhuku, ndiye dziwiranitu malire amene simungatsike kupitirira musananyamuke kunyumba.

Mai_awiri_BT: Ndipo mukagwirizana, mukafika kunyumba mulembereni pa foni zimene mwapanganazo, mtengo ndi tsiku. Za pakamwa zimasintha ikafika nthawi yolipira.

Joni_Boy_Randburg: Nanga wina akayankha mwaukali? Ine bwana wina anandiyankha kuti apeza wotchipa. Ndinangoti zikomo bwana, mukandifuna ndilipo. Anabwerera yekha maluwa atayamba kufota.

Anti_wa_Saluni: Ndi momwemo, koma si onse amabwerera, tisanamizane. Ena K1,500 alibedi. Wotere mukhoza kumuuza kuti mayi, ndimagulitsanso theka, kapena pa gulu lililonse pamakhala zingapo zocheperako, zimenezo ndikupatsani pa mtengo wotsika. Bola azidziwa kuti akutenga yaing'ono. Chimene musachite ndi kupatsa wolongolola mtengo wakale mwamseri pamene wofatsa akulipira watsopano. Anthu anuwo amapemphera tchalitchi chimodzi, Lamlungu lisanathe adzakhala atauzana.

NaBanda_wa_Nkhuku: Zikomo nonse. Mtengo wa thumba ndiulemba, a Dalitso mundikhululukire, poti ambiri mwa anthu anga amadutsa pa sitolo yomweyo. Mawa ndipita kwa mayi wa lesitilanti, enawo ndiwalembera Lachisanu mmodzimmodzi. Koma pali mlamu wanga amene amatenga ziwiri mwezi uliwonse ndipo mpaka pano amalipira K9,000 ya chaka chatha. Ameneyo ndimutumizirenso?

Chimwene_Kabaza: Mutumizireni woyamba.

Gogo_Mchesi: Ayi, ameneyo akamuuze ndi bambo a kunyumba. Ndi mbale wawo.

Mai_awiri_BT: Pa K9,000 mukumuonjezera K500 ya m'thumba mwanu pa nkhuku iliyonse. Ngati ndi thandizo limene munagwirizana m'banja, lizidziwika kuti ndi thandizo, mulilembe padera m'kope. Ngati si choncho, afike ngakhale pa K9,500 pokha. Bambo a kunyumba akudziwa kuti amalipira zingati?